Kalata Yopempha Foni Ina Pamene Yatsopano Ikungozima N'kuyaka Yokha

Foni yatsopano imene imangozima n'kuyakanso yokha, mwini wake asanaikhudze n'komwe, ndi katundu wolakwika. Woigula ali ndi ufulu wobwerera kusitolo kukapempha kuti vutolo lithetsedwe popanda kulipiranso. Koma vuto la mtundu umenewu silioneka nthawi zonse. Foni yosweka galasi aliyense amaiona, pamene foni yozima yokha ikafika pa kauntala imatha kukhala bwinobwino ola lathunthu, ngati mwana amene thupi lake lazizira atangofika kuchipatala. Wogulitsa amaitembenuzatembenuza n'kunena kuti palibe chimene akuona. Kenako amatchula zifukwa zake: mwina ndi tchaja, mwina ndi mapulogalamu amene mwini wake anaikamo, mwina ndi memore khadi, mwina inanyowa. Wogula amene wabwera ndi pakamwa pokha amabwerera kwawo ndi foni yomweyo, ndalama ya minibasi itapita pachabe.

N'chifukwa chake dandaulo lotere limafunika kulembedwa, ndipo chofunika kwambiri m'kalatayo ndi mndandanda wa zimene wogula anayesa payekha. Chilichonse chimene anayesa chimayankhiratu chifukwa chimodzi chimene sitolo ikanapereka pokana.

Pamene ufulu wa wogula wachokera

Wogula foni amatetezedwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo anthu ambiri amangodziwa chimodzi. Choyamba ndi walanti, lonjezo lolembedwa lakuti foni ikapezeka ndi vuto lochokera kumene inapangidwa, idzakonzedwa kapena kusinthidwa mwaulere m'nthawi yotchulidwa. Mafoni ambiri atsopano amakhala ndi walanti wa miyezi 12, koma batire, tchaja ndi zomvetsera m'makutu nthawi zambiri zimapatsidwa nthawi yocheperapo. Masitolo ena amapereka walanti wawowawo wa mwezi umodzi kapena itatu, wolembedwa pa lisiti. Zimene zalembedwa pa khadi la walanti kapena pa lisitipo ndi zimene wogula ayenera kuwerenga asanalembe kalata. Walanti sakhudza foni imene yagwa, yanyowa, kapena yatsegulidwa ndi munthu wosavomerezeka.

Chachiwiri ndi lamulo la dziko, limene limagwira ntchito ngakhale pakhale popanda khadi lililonse. Malinga ndi lamulo la kugulitsa katundu m'Malawi, wamalonda akagulitsa chinthu chimene amachita nacho malonda, chinthucho chiyenera kukhala choyenera kugulitsidwa komanso chotha kugwira ntchito imene anthu amachigulira. Foni imene imazima pakati pa kuyankhulana, kapena potumiza ndalama, siikugwira ntchito ya foni. Palinso lamulo loteteza ogula la mu 2003, komanso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limene linakhazikitsidwa mu 1998 ndipo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024. Bungwe la CFTC, limene limayang'anira lamulo lomalizali, lakhala likuchenjeza amalonda kuti saloledwa kudzichotsera udindo pa katundu wolakwika. Choncho mawu ofala pa malisiti ndi pa makoma akuti katundu wogulidwa sabwezedwa sangamange manja munthu amene wagulitsidwa chinthu chowonongeka. Mawuwo angagwire ntchito kwa amene wangosintha maganizo, kapena wapeza foni yotchipa kwina. Amene foni yake ili ndi vuto, mawuwo samukhudza.

Apa pakutuluka mfundo imene masitolo ena safuna kuimva: mgwirizano wa malonda uli pakati pa wogula ndi wogulitsa. Amene analandira ndalama ndiye woyamba kuyankha. Sitolo ikhoza kutumiza foni kwa amisiri ovomerezeka ndi kampani yopanga mafoniwo, ndipo zimenezi n'zabwinobwino, koma siyenera kusamba m'manja n'kuuza wogula kuti akaonane yekha ndi fakitale imene ili kutsidya la nyanja.

Ufuluwu uli ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa kusiyana n'kukakhumudwa pa kauntala. Walanti wambiri amapatsa wogulitsa mwayi wokonza kaye asanasinthe. Pempho la foni ina limakhala lamphamvu vuto likaonekera patangopita masiku ochepa chigulireni, kapena foni ikakonzedwa koma vutolo n'kubwereranso. Limafooka wogula akakhala ndi foni miyezi yambiri osanena kanthu, chifukwa lamulo limamutenga ngati munthu amene wavomera katunduyo, ndipo chimene chimamutsalira ndi kukonzeredwa kapena kupatsidwa chipepeso. Choncho kuzengereza kumamudyera wogula mbali ya ufulu wake.

Zonsezi zimakhudza aliyense wogula kwa wamalonda, kaya analipira ndalama zonse pamodzi kapena akulipira pang'onopang'ono. Wolipira pang'onopang'ono asangosiya kulipira mwakachetechete, chifukwa akatero mlandu umatembenukira kwa iye ndipo foni yotereyi imatha kutsekedwa. Nkhani ya malipiro ayenera kuilemba m'kalata momwemo. Foni yogwiritsidwapo kale ntchito nayonso iyenera kugwira ntchito molingana ndi msinkhu ndi mtengo wake, koma vuto limene wogula anauzidwa pogula sangalidandaule pambuyo pake. Yovuta kwambiri ndi foni yotumizidwa ndi wachibale wa ku Joni kapena ku Ulaya, popeza sitolo imene inagulitsa ili kunja, ndipo walanti nthawi zambiri amagwira ntchito m'dziko kapena m'chigawo chimene foniyo inagulidwa.

Kuyesa foni kalata isanalembedwe

Foni imazima n'kuyaka yokha pa zifukwa za magulu atatu. Pali zakunja, monga chikopa chothina chimene chikukanikiza batani loyatsira, memore khadi yowonongeka kapena tchaja yosayenera. Pali za m'mapulogalamu, monga pulogalamu yoikidwa ndi mwini wake imene ikusokoneza zina, kapena malo osungira zinthu atadzaza. Ndiye pali za m'kati mwa foni, monga batire lolakwika, batani lomata kapena bodi imene sinalumikizidwe bwino. Magulu awiri oyambawo wogula angawathetse yekha. Lachitatu ndi limene walanti anapangidwira. Cholinga choyesa ndi kuchotsa magulu awiriwo limodzilimodzi mpaka patsale lachitatu lokha.

Ntchito imayamba ndi kope ndi cholembera. Kwa masiku awiri wogula amalemba nthawi iliyonse imene foni yazima: tsiku, ola, moto umene unali m'batire, ndi chimene foniyo imachita. Kodi inali pa tchaja, inali m'thumba, kapena inali pa tebulo osaigwira? Kodi inali yotentha? Zolembazi zimaulula zambiri. Foni imene imazima pa ola lomwelomwelo tsiku lililonse mwina ilibe vuto, chifukwa mafoni ambiri ali ndi malo mu Settings otchedwa Scheduled power on/off kapena Auto restart, amene amazimitsa ndi kuyatsa foni pa nthawi yoikika, ndipo munthu amatha kuwatsegula osadziwa. Imene imazima moto ukatsika kufika pa mlingo winawake ikuloza ku batire. Imene imazima paliponse, kaya batire lili pa 80 peresenti kapena pa 30, kaya ikugwiritsidwa ntchito kapena ayi, ikuloza m'kati.

Umboni wabwino koposa ndi kanema wojambulidwa ndi foni ya mnzake, wosonyeza sikirini ikuda ndi chizindikiro cha kampani chikutuluka popanda dzanja lokhudza batani. Kuugwira kumafuna kudekha, popeza vutolo silichenjeza. Mafoni ambiri a Android alinso ndi kawerengero kotchedwa Up time, kamene kamapezeka cha ku Settings, About phone, Status, ngakhale kuti malo ake amasiyana malinga ndi mtundu wa foni. Kamasonyeza nthawi imene yadutsa chiyatsireni foni komaliza, ndipo foni ikazima kamayambiranso pa ziro. Chithunzi chosonyeza kuti m'mawa kanali pa maola anayi ndipo masana kali pa mphindi zochepa chimathandiza pamene kanema walephereka.

Zakunja zimachotsedwa msanga. Chikopa chimavulidwa, memore khadi ndi simu khadi zimatulutsidwa, ndipo foni imasiyidwa choncho tsiku lathunthu. Potchaja pagwiritsidwe ntchito tchaja ndi waya zimene zinabwera m'bokosi basi. Zimenezi n'zofunika makamaka kwa amene amatchajitsa pamsika kapena pa sola, chifukwa funso loyamba la wogulitsa limakhala lokhudza kumene foni imatchajidwa.

Za m'mapulogalamu zimafuna masitepe atatu, kuyambira lopepuka. Loyamba ndi kuona ngati malo osungira zinthu sanadzaze, kenako kulandira zokonza zatsopano kuchokera ku kampani kudzera pa System update kapena Software update. Lachiwiri ndi Safe mode. Pa mafoni ambiri a Android munthu amadina batani loyatsira mpaka mawu akuti Power off atuluke, kenako amakanikiza mawuwo osachotsa chala mpaka foni ifunse ngati iyake mu Safe mode. Ikayaka motero, mapulogalamu onse amene mwini wake anaikamo amagona, n'kutsala okhawo amene anabwera ndi foni. Ngati vuto latha, wolakwa ndi imodzi mwa mapulogalamu oikidwawo, ndipo mankhwala ake ndi kuwachotsa imodziimodzi kuyambira imene inaikidwa posachedwa. Apo kalata siifunikanso. Ngati foni yazimabe ili mu Safe mode, mapulogalamu a wogula alibe mlandu. Chofunika kudziwa n'chakuti foni ikazima n'kuyakanso imatuluka yokha mu Safe mode, choncho woyesa ayenera kuibwezeramo kuti aone ngati zichitikanso.

Sitepe lachitatu ndi lolemera, koma ndi limene limapatsa kalata mphamvu: kufufuta zonse kuti foni ibwerere mmene inachokera kufakitale. Pa sikirini pamalembedwa Factory data reset kapena Erase all data. Zithunzi, manambala ndi mauthenga zonse zimapita, choncho ziyenera kusungidwa kaye kwina, ndipo mwini wake ayenera kukhala akukumbukira imelo ndi mawu achinsinsi a akaunti yake ya Google, chifukwa foni ikhoza kuwafunsa poyakanso. Ambiri anatseguliridwa akauntiyo ndi mnyamata wa pasitolo kapena mdzukulu ndipo sadziwa mawu ake, choncho izi zikonzedwe kufufuta kusanachitike. Foni ikafufutidwa isaikidwenso chilichonse kwa tsiku limodzi kapena awiri. Ikazimabe yopanda kanthu chonchi, palibenso cha wogula chimene chatsalamo choti chinamiziridwe.

Chomaliza ndi kuyang'ana thupi la foni. Ijambulidwe kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali zonse kusonyeza kuti ilibe mng'alu kapena potifuka. Mafoni ambiri ali ndi kachizindikiro kakang'ono koyera, kawirikawiri m'bowo lolowetsa simu khadi, kamene kamasanduka kofiira kakakhudzidwa ndi madzi. Amisiri amayamba kuyang'ana pamenepo, ndipo ndi nzeru kuti mwini wake ayambe waona yekha ndi tochi.

Pali zinthu ziwiri zosayenera kuchita. Foni imene ili pa walanti isapite kwa okonza mafoni a pamsika, ngakhale akhale aluso chotani, ndipo isafulashidwe. Ikangotsegulidwa, walanti amatha, ndipo sitolo imapeza chifukwa chenicheni chokanira. Anthu ambiri amataya ufulu wawo pamenepa, pofuna kupulumutsa ulendo wa kutauni. Chachiwiri, foni imene batire lake latupa, chivundikiro chakumbuyo chikudzuka, kapena ikutentha moti siigwirika, isayesedwenso kapena kutchajidwa. Izimitsidwe n'kupita nayo kusitolo mmene ilili, chifukwa batire lotere likhoza kuyaka moto.

Kuyesa konseku kusapitirire sabata imodzi. Ngati walanti watsala pang'ono kutha, kapena lisiti likutchula masiku ochepa osinthira katundu, wogula adziwitse sitolo tsiku lomwelo kudzera pa uthenga wolembedwa, ndipo kalata yonse itsatire pambuyo.

Kalata yeniyeniyo

Kalata yabwino imakwana tsamba limodzi kapena limodzi ndi theka. Imalembedwa m'Chichewa kapena m'Chingerezi, malinga ndi chimene wolemba angafotokoze bwino, ndipo yolembedwa pamanja ndi yovomerezeka bola iwerengeke. Imapita kwa manijala kapena mwini sitolo, osati kwa wogulitsa wa pa kauntala, amene nthawi zambiri alibe mphamvu yosintha katundu. Foni imatchulidwa ndi mtundu wake komanso nambala ya IMEI, imene ili ndi manambala 15. Nambalayi imatuluka munthu akaimba *#06#, ndipo imalembedwanso pa bokosi. Foni ya masimu awiri imakhala ndi nambala ziwiri zotere. IMEI ndi imene imatsimikizira kuti foni yobwezedwayo ndi yomwe sitolo inagulitsa.

Chitsanzo chongoyerekeza ndi cha mphunzitsi wa ku Dedza amene wagula foni m'sitolo ina mu Lilongwe pa 3 Malichi, pa mtengo wa K320,000, ndipo yayamba kuvuta pa 12 Malichi. Pamwamba pa kalata amalemba keyala yake, nambala ina imene angapezekepo, tsiku la 20 Malichi, ndi keyala ya sitolo. Kenako imapitirira motere:

Okondedwa Bwana,

PEMPHO LOSINTHA FONI IMENE ILI PA WALANTI

Pa 3 Malichi ndinagula foni yatsopano m'sitolo yanu pa mtengo wa K320,000. Mtundu wake, nambala ya IMEI ndi nambala ya lisiti ndalemba m'munsimu. Khadi limene munandipatsa likuti foniyi ili ndi walanti wa miyezi 12.

Kuyambira pa 12 Malichi, patangopita masiku 9 chigulireni, foniyi imazima n'kuyakanso yokha. Pa 13 Malichi inatero kasanu, pa 14 Malichi kanayi. Zimachitika pa maola osiyanasiyana, kaya ili pa tchaja kapena ayi, batire lili pa 80, 62 ngakhale 45 peresenti, ndipo kawiri inali pa tebulo osaigwira.

Ndisanakuvutitseni ndinayesa izi. Pa 15 Malichi ndinachotsa chikopa, memore khadi ndi simu khadi, ndipo ndinaona kuti Scheduled power on/off ndi yotseka komanso malo osungira zinthu sanafike ndi theka lomwe. Inazima kanayi. Pa 16 Malichi ndinalandira System update, ndipo nthawi yonseyi ndakhala ndikugwiritsa ntchito tchaja ya m'bokosi yokha. Inazima katatu. Pa 17 Malichi ndinaiika mu Safe mode katatu, ndipo ulendo uliwonse inazima ili momwemo. Pa 18 Malichi ndinachita Factory data reset osaikamo pulogalamu iliyonse. Pa 18 ndi pa 19 Malichi inazima kasanu.

Foniyi sinagwepo, sinanyowepo, ndipo palibe amene anaitsegula. Kachizindikiro ka madzi kadakali koyera. Ndili ndi zithunzi komanso kanema wa pa 19 Malichi, ndipo ndine wokonzeka kukuonetsani.

Popeza vutoli layamba foni ikadali yatsopano ndipo silinathe nditachotsa zanga zonse, ndikupempha kuti mundipatse foni ina yatsopano ya mtundu womwewo. Ngati mtunduwo watha, ndikupempha kuti mundibwezere K320,000 yanga. Ndine wokonzeka kusiya foniyi kuti amisiri anu aiyese, bola mundipatse chikalata chosonyeza kuti mwailandira. Chonde mundiyankhe polemba pasanafike pa 3 Epulo. Ndikapanda kumva kanthu ndidzapempha thandizo ku bungwe la CFTC.

Ine wanu,

M'munsi mwa siginecha ndi dzina amalemba mtundu wa foni, nambala ya IMEI, nambala ya lisiti, ndi zimene waphatikiza: fotokope ya lisiti, fotokope ya khadi la walanti, ndi tsamba la m'kope muja.

Kalata imeneyi yasiya dala zinthu zingapo. Sinanene kuti bodi yapsa kapena batire ndi labodza, chifukwa mphunzitsiyo sanaone m'kati, ndipo akalota molakwika sitolo idzagwira pomwepo n'kuiwala zina zonse. Wangonena zimene anachita ndi zimene anaona. Sinatchule munthu kuti wakuba, sinaopseze kuti nkhaniyi ipita pa wailesi, ndipo yatchula CFTC kamodzi kokha, kumapeto, mwaulemu. Yapempha chinthu chimodzi chodziwika, n'kupereka njira ina ngati choyambacho chalephereka. Mawu akuti chonde ndithandizeni, paokha, amasiyira sitolo mwayi wosankha chimene chili chotchipa kwa iyo. Masiku 14 amene apatsidwawo si lamulo ayi. Ndi nthawi imene munthu woganiza bwino angaione kuti ndi yokwanira, ndipo phindu lake ndi lakuti pamakhala tsiku lodziwika limene wogula angayambire kupita patsogolo.

Zonse zolembedwa ziyenera kukhala zoona. Wogula amene foni yake inagwapo kamodzi asalembe kuti sinagwepo. Amisiri akatsegula amaona zizindikiro, ndipo bodza limodzi limagwetsa kalata yonse. Chimene sanayese asachilembe. Ngati analephera kulowa mu Safe mode, angosiya mzere umenewo.

Kupereka kalata ndi foni

Kalata ikhale ndi makope awiri. Limodzi limatsala kusitolo, linalo wolandira amalisayina, kulemba tsiku, ndi kudinda chidindo ngati chilipo. Wogulitsa akakana kusayina, wogula ajambule kalatayo n'kuitumiza pa WhatsApp kapena pa imelo ya sitolo tsiku lomwelo, ndipo ndi bwino kupita ndi mboni. Lisiti lenileni lisachoke m'manja mwa mwini wake. Malisiti a m'makina amafufutika msanga akakhala pa dzuwa kapena m'chikwama, choncho ndi ofunika kuwajambula tsiku logula. Lisiti likasowa nkhani imalimba koma siifa, chifukwa uthenga wa Airtel Money, Mpamba kapena wa kubanki, bokosi lokhala ndi IMEI, ndi khadi la walanti lodindidwa zingathe kusonyeza kumene foni inagulidwa.

Foni ikamasiyidwa, simu khadi ndi memore khadi zichotsedwe, maakaunti atulutsidwe, ndipo wogula alandire chikalata cholembedwa nambala ya IMEI, mmene foni ikuonekera kunja, zimene zasiyidwa pamodzi nayo monga bokosi ndi tchaja, komanso tsiku lodzaitenga. Mawu akuti ilibe mng'alu akalembedwa pamenepo, mng'alu wopezeka pambuyo pake si wa wogula.

Mayankho amene amabwera kawirikawiri

Sitolo ikanena kuti yayesa ndipo sinapeze vuto, wogula afunse kuti foni inayesedwa nthawi yaitali bwanji. Vuto lochitika kanayi pa tsiku silingaoneke pa mphindi khumi. Apemphe kuti ikhale yoyaka tsiku lathunthu ndipo Up time iwerengedwe poyamba ndi pomaliza.

Ikanena kuti ikonza osati kusintha, wogula ayang'ane zimene khadi la walanti likunena. Ngati likulola kukonza koyamba, akhoza kuvomera, koma alembe pa chikalata cholandirira foni kuti wavomera kukonza kamodzi ndipo vuto likabwerera adzafuna foni ina kapena ndalama. Kukonza kwa pa walanti ndi kwaulere, zipangizo ndi ntchito yomwe. Potenga foni apemphe kuti alemberedwe chimene chasinthidwa. Ngati chimene chachitika ndi kufufuta zonse basi, ndiye kuti abwereza chimene iye anachita kale, ndipo kalata yake ikusonyeza tsiku lake. Vuto likabwerera, kalata yachiwiri imakhala yaifupi: imatchula yoyamba, tsiku lokonza, ndi masiku amene foni yazimanso.

Ikanena kuti foni inanyowa kapena inagwa, wogula apemphe lipoti la mmisiri lolembedwa ndiponso kuonetsedwa chizindikirocho, n'kuchiyerekeza ndi zithunzi zake za tsiku limene anaisiya. Ikavomera kusintha, foni yatsopanoyo itsegulidwe pomwepo, IMEI yake ilembedwe pa lisiti kapena pa khadi la walanti, ndipo afunse kuti walanti wake atha liti. Asakakamizidwe kuwonjezera ndalama pa foni ya mtundu womwewo chifukwa choti mitengo yakwera. Kuwonjezera kumayenera pokhapokha iye mwini atasankha foni yapamwamba kuposa imene anagula.

Tsiku lotchulidwa m'kalata likadutsa popanda yankho, kapena sitolo ikakana popanda chifukwa chomveka, dandaulo limapita ku CFTC, imene likulu lake lili ku Lilongwe. Bungweli limalandira madandaulo a ogula, limafunsa wamalonda kuti apereke mbali yake, ndipo lili ndi mphamvu yolamula kuti wogula abwezeredwe ndalama kapena kusinthiridwa katundu, komanso yopereka chindapusa kwa wophwanya lamulo. Bungwe la CAMA, limene si la boma ndipo limayankhulira ogula, limapereka uphungu. Njira ina ndi khoti la majisitireti, kumene munthu angathe kukasuma yekha popanda loya pa nkhani ya ndalama zochepa. Konseku wodandaula amapita ndi zinthu zomwe zija: kope la kalata losayinidwa, lisiti, khadi la walanti, chikalata cholandirira foni, zithunzi, kanema, ndi mayankho onse amene sitolo inalemba.